Kumene mafayilo a WhatsApp amabisala mu foni, ndi mmene mungawasamutsire pa memori khadi osawataya

Foni ya Android ikayamba kudandaula kuti malo atha, anthu ambiri amathamangira kuchotsa mapulogalamu kapena kufufuta zithunzi zimene anajambula okha, pamene chimene chadzaza foniyo nthawi zambiri chimakhala kwina. Chimakhala m'mavidiyo amene anabwera kudzera m'magulu a WhatsApp, a kumpingo, a maliro, a ukwati ndi a anzathu akusukulu, komanso m'mafayilo amene tinatenga pa Intaneti tsiku lina n'kuwaiwala. Chomvetsa chisoni n'chakuti foni yomweyo imakhala ili ndi memori khadi imene ikungokhala yopanda kanthu, chifukwa mwini wake ankaganiza kuti akangoilowetsa ndiye kuti zinthu zizipita zokha mmenemo. Sizipita zokha. WhatsApp imasunga zonse m'kati mwa foni ndipo ilibe batani louza kuti izisungira pa khadi, choncho ntchito yosamutsayi iyenera kugwiridwa ndi manja, ndipo ili ndi njira yake imene munthu akaiphonya amataya zinthu zimene sangazipezenso.

Chipangizo chogwirira ntchitoyi ndi pulogalamu yoonera mafayilo, imene imabwera kale mu foni. Pa mafoni a Samsung imatchedwa My Files, pa mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Infinix imatchedwa File Manager, ndipo ena ali ndi Files by Google, imene aliyense angathenso kuitenga pa Play Store. Mapulogalamu onsewa ali ndi chizolowezi chimodzi chimene chimasokoneza: akatseguka amayamba kuonetsa magulu monga Images, Videos, Audio ndi Downloads. Magulu amenewa si mafoda enieni, koma ndi mndandanda wosonkhanitsa mafayilo ofanana kuchokera m'malo osiyanasiyana, moti chithunzi cha kamera yanu ndi chithunzi chotumizidwa pa gulu zimaoneka moyandikana ngakhale zikukhala kotalikirana. Ine ndimalangiza kuti munthu awadumphe magulu amenewa n'kutsika m'munsi mpaka apeze pamene palembedwa Internal storage, kapena Phone storage pa mafoni ena, chifukwa apo ndi pamene pali mafoda enieni. Pafupi pomwepo pamakhala SD card. Ngati dzina limeneli silikuoneka, foni sinaione khadiyo, ndipo palibe chifukwa chopitirira musanaitulutse n'kuilowetsanso bwino.

Foda ya zinthu zotengedwa pa Intaneti ndi yosavuta. Dzina lake ndi Download, ndipo ili pamwamba penipeni mukangotsegula Internal storage. Mmenemo mumakhala zonse zimene Chrome kapena pulogalamu ya makalata inatsitsa: makalata a PDF, nyimbo, mafomu ofunsira ntchito, ndi mafayilo othera ndi .apk amene munagwiritsa ntchito poika pulogalamu ina. Mafayilo a .apk amenewa ntchito yawo inatha pamene pulogalamuyo inalowa, ndipo angathe kufufutidwa popanda kuwononga kanthu. Zotsalazo mungazisamutse zonse mosadandaula, popeza palibe pulogalamu imene moyo wake umadalira kuti zikhale pamenepo; chimene chingachitike n'chakuti mndandanda wa mu Chrome sudzathanso kutsegula fayilo imene yachoka, koma fayiloyo ilipo pa khadi. Ndi bwino kuyang'ananso mafoda a Xender, SHAREit ndi Bluetooth ngati alipo, chifukwa mafilimu amene timapatsana pamanja amagwera mmenemo ndipo amakhala aakulu kwambiri. Koma mavidiyo amene munasunga m'kati mwa YouTube kapena Netflix kuti muzionera popanda Intaneti simudzawapeza mu Download. Amasungidwa mokhoma m'malo a pulogalamuyo, ndipo njira yokha yowaikira pa khadi ndi kusintha zimenezi m'makonzedwe a pulogalamu yomweyo.

Nkhani yaikulu ili pa WhatsApp, ndipo apa ndi pamene malangizo akale amasocheretsa anthu. Kale foda yotchedwa WhatsApp inkakhala poonekera, moyandikana ndi Download ndi DCIM, foda ya zithunzi ndi mavidiyo a kamera. Android 11 itatuluka mu 2020, malamulo a mmene mapulogalamu amasungira mafayilo anasintha, ndipo WhatsApp inasamutsira foda yake m'kati mwa foda ya Android. Lero malo ake angakhale amodzi mwa atatu awa, malinga ndi msinkhu wa foni komanso mtundu wa WhatsApp imene mukugwiritsa ntchito:

```
WhatsApp/Media
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media
Android/media/com.whatsapp.w4b/WhatsApp Business/Media
```

Mzere woyamba ndi wa mafoni akale, wachiwiri ndi wa mafoni atsopano, ndipo wachitatu ndi wa anthu amalonda amene amagwiritsa ntchito WhatsApp Business. Chofunika kuonetsetsa n'chakuti mwalowa mu Android/media osati mu Android/data, chifukwa mafoda awiriwa ali moyandikana, ndipo wachiwiriyo pa mafoni atsopano amakana kutseguka kapena amaoneka ngati mulibe kanthu. Anthu ena akafika pamenepo amaganiza kuti zithunzi zawo zasowa, pamene angolakwitsa khomo.

Mukalowa mu Media mupeza mafoda angapo, aliyense ndi katundu wake: WhatsApp Images, WhatsApp Video, WhatsApp Audio, WhatsApp Voice Notes, WhatsApp Documents, ndi ena ang'onoang'ono a zomata ndi zithunzi zoyenda. Mayina a mafayilo mmenemu ndi othandiza kwambiri kuposa mmene amaonekera. Chithunzi chotchedwa IMG-20240315-WA0007.jpg chikukuuzani kuti ndi cha pa 15 Malichi 2024, ndipo vidiyo imayamba ndi VID, uthenga wa mawu umayamba ndi PTT, zonse zikutsatiridwa ndi chaka, mwezi ndi tsiku. Tsiku limeneli ndi limene ndimadalira posankha zosamutsa, chifukwa silisintha ngakhale fayilo itakopedwa kapena kusamutsidwa kangati, pamene tsiku limene pulogalamu yoonera mafayilo imaonetsa pambali nthawi zina limasintha fayilo ikakopedwa.

M'kati mwa WhatsApp Images ndi WhatsApp Video mulinso foda ina yotchedwa Sent, ndipo imeneyi ndi imene imadabwitsa anthu ambiri. Mmenemo mumakhala makope a zinthu zimene inuyo munatumizira ena. Mukajambula vidiyo ya kwaya ndi kamera n'kuitumiza pa gulu, vidiyoyo imakhala kawiri mu foni: yoyambirira mu DCIM, ndi ina yochepetsedwa mu Sent. Makope amenewa saoneka mu Gallery chifukwa mu fodayo muli kafayilo kobisika kotchedwa .nomedia, kamene kamauza foni kuti isaonetse za mmenemo. N'chifukwa chake munthu angathe kufufuta zithunzi mu Gallery tsiku lonse koma malo osabwerera mmene amayembekezera.

Tsopano pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna aliyense achimvetse asanakhudze fayilo iliyonse, chifukwa ndi chimene chimasiyanitsa foda ya WhatsApp ndi foda ya Download. Chithunzi chimene mumachiona m'macheza sichili m'kati mwa uthengawo. Uthenga umangosunga kachithunzi kakang'ono kosaoneka bwino pamodzi ndi adiresi ya kumene fayilo yeniyeni ili, ndipo mukachigunda, WhatsApp imapita pa adiresiyo kukaitenga. Mukasamutsira fayiloyo pa khadi, zimakhala ngati munthu wasamuka pamudzi osatsanzika: mlendo amafika pa nyumba yakale n'kupeza bwinja, ngakhale mwini wake ali moyo kwina. M'macheza mudzaona chithunzi chachimbuuzi, ndipo mukachigunda foni idzakuuzani kuti fayiloyo palibe. Nthawi zina WhatsApp imalola kuitsitsanso ngati ndi yaposachedwa, koma zimenezi si zodalira, ndipo zimadya bandulo pa chinthu chimene muli nacho kale. Palinso zotsatira zina zimene anthu saziganizira: kope limene WhatsApp imasunga ku Google Drive limatenga mafayilo amene ali mu foda yake, choncho zimene mwazichotsamo musaziyembekezere kuti zidzabwerera mukadzagula foni yatsopano. Kuyambira tsiku losamutsalo, khadi ndiye malo okhawo amene zinthuzo zili.

Pa chifukwa chimenechi sindigwirizana ndi malangizo akuti munthu angonyamula foda yonse ya Media n'kuiponya pa khadi. Njira yabwino ndi kusamutsa zakale n'kusiya zatsopano, ndipo ndifotokoza mmene tinachitira ndi foni ya azakhali anga, amene ndi msungichuma wa gulu la banki mkhonde ndipo amalandira zithunzi za malisiti pafupifupi sabata iliyonse. Foni yawo ndi ya 32 GB, ndipo inali itatsala ndi malo osakwana 1 GB, moti inkakana kutsitsa ngakhale uthenga wa mawu. Titagunda ndi kugwira foda iliyonse n'kusankha Details kuti tione kukula kwake, tinapeza kuti WhatsApp Video inali ndi pafupifupi 9 GB, ndipo gawo lalikulu ndithu la zimenezi linali mu Sent. WhatsApp Images inali ndi pafupifupi 3 GB, Download inali ndi 2 GB, pamene mauthenga onse a mawu pamodzi sanafike theka la 1 GB. Manambala amenewa anatiuza kumene tiyenera kuthera mphamvu. Mauthenga a mawu tinawasiya osawakhudza, chifukwa ndi ang'onoang'ono, ndipo akachoka m'macheza amasanduka mafayilo opanda dzina la wolankhula amene palibe angawazindikire. Zikalata ndi zithunzi za chaka chino tinazisiyanso, popeza pa mkumano wa gulu azakhali amafunika kutsegula macheza n'kuonetsa lisiti pomwepo, pamodzi ndi uthenga wa munthu amene analitumiza. Ndinawafunsa kuti, "Azakhali, kodi pali vidiyo ya chaka chatha imene mumaitsegulabe kudzera m'macheza?" Iwo anati palibe, kupatula ya chinkhoswe cha mdzukulu wawo, imene amaionera mu Gallery, ndipo imeneyo ikanaonekabe mu Gallery ngakhale ili pa khadi.

Tisanasamutse kanthu tinayamba tafufuta zosafunika, chifukwa palibe nzeru yodzazira khadi ndi zinyalala. Mu WhatsApp momwemo, mukapita ku Settings, kenako Storage and data, kenako Manage storage, mumapeza mafayilo oposa 5 MB ataikidwa paokha, pamodzi ndi amene atumizidwa kambirimbiri kuchokera gulu lina kupita gulu lina. Mmenemo ndi mmene munali mavidiyo anthabwala ndi a moni wam'mawa amene azakhali sankawakumbukira n'komwe. Kufufutira mmenemu kuli ndi ubwino woti WhatsApp imadziwa zimene zachitika, ndipo siisiya zithunzi zachimbuuzi m'macheza.

Kenako tinakonza malo pa khadi. Tinatsegula SD card n'kupanga foda yatsopano yotchedwa Zakale, ndipo m'kati mwake tinapanga mafoda a Mavidiyo 2023, Zithunzi 2023, ndi ena otero a chaka chilichonse. Titabwerera ku WhatsApp Video tinasanja mafayilo potsata mayina, kuti a chaka chimodzi akhale pamodzi, ndipo tinagunda ndi kugwira woyamba mpaka chizindikiro chosankha chitaoneka, n'kusankha ena onse oyamba ndi VID-2023. Apa ndi pamene pali chisankho chimene ndimachiona kukhala chofunika kuposa zonse. Foni imapereka Move ndi Copy, kapena Move to ndi Copy to mu Files by Google, ndipo ngakhale Move ikuoneka yachidule, ine ndimasankha Copy nthawi zonse. Move imafufuta fayilo yoyambirira ikangomaliza kulemba, ndipo ngati khadi ndi yowonongeka kapena yachinyengo, foni imaganiza kuti zonse zayenda bwino pamene cholembedwacho sichingatseguke. Copy imakusiyirani mpata woti muone kaye. Tinakopera mafayilo pang'onopang'ono, pafupifupi 1 GB kapena 2 GB ulendo umodzi, foni ili pa chaja ndipo palibe amene akuigwiritsa ntchito zina, chifukwa foni yodzaza komanso yotentha imatha kuimitsa ntchitoyo pakati.

Kutsimikiza sikutenga nthawi. Tinayerekeza chiwerengero cha mafayilo amene tinasankha ndi chiwerengero cha amene ali mu foda yatsopano, tinayerekezanso kukula kwake, kenako tinatsegula mavidiyo angapo kuchokera pa khadi, makamaka amene anakopedwa pomalizira, n'kuwakokera mpaka chakumapeto. Kuona kachithunzi ka vidiyo pamndandanda sikokwanira, chifukwa vidiyo yowonongeka ingathe kuyamba bwino n'kuima pakati. Titakhutira, ndi pamene tinafufuta oyambirira mu foni. Mafayilo a mu Sent tinawaika mu foda yawoyawo, ndipo tinasankha mafayilo okha osati foda yonse, kuti kafayilo ka .nomedia kasatsatire n'kukabisa zithunzizo ku Gallery. Foni ikafunsa zoti ichite ndi mafayilo awiri a dzina lofanana, yankho lotetezeka ndi kusunga onse awiri osati kulemba pamwamba pa linzake.

Titamaliza zonsezi malo sanabwerere nthawi yomweyo, ndipo azakhali anayamba kukayika ngati tachita kanthu. Chifukwa chake n'chakuti mapulogalamu ambiri oonera mafayilo masiku ano ali ndi malo otayira, otchedwa Trash kapena Recycle bin, amene amasunga zofufutidwa kwa masiku 30 zisanachokeretu. Titakhuthula mmenemo, foni inaonetsa malo opitirira 10 GB.

Pali mafoda amene sitinawakhudze, ndipo aliyense asawakhudze. Pafupi ndi Media pali Databases ndi Backups. Mu Databases muli mafayilo oyamba ndi msgstore ndipo othera ndi mawu monga crypt14, amene ndi makope okhoma a mauthenga anu onse. Sangatseguke ngati chithunzi, ndipo ena powaona amaganiza kuti ndi zinyalala, koma tsiku limene WhatsApp idzafunike kuikidwanso popanda kope la ku Google Drive, amenewa ndi amene angabweze macheza anu. Mafoda opanda kanthu a mu Media nawonso asiyeni mmene alili. Chotsani za m'kati zokha.

Telegram imayenda mosiyana, ndipo ndi yosavuta kwa munthu amene akufuna malo. Macheza ake wamba amasungidwa pa makompyuta a kampaniyo, moti zimene zili mu foni ndi makope chabe, ndipo mungawachotse popita ku Settings, Data and Storage, Storage Usage, n'kudzawatsitsanso mukawafuna, ngakhale kuti kutero kumadya bandulo. Pa tsamba la Data and Storage lomwelo, foni ikakhala ndi khadi, pamapezeka Storage Path pamene mungasankhe khadiyo. Zimene munasunga dala kuchokera mu Telegram kawirikawiri zimakhala mu foda ya dzina lake m'kati mwa Pictures, Movies kapena Download, ndipo zithunzi zosungidwa kuchokera mu Messenger zimapezekanso mu Pictures. Zimenezi zingasamutsidwe popanda kuwononga macheza.

Khadi yeniyeniyo ikufunika mawu ake, popeza tsopano ndiyo yanyamula zinthu zimene zilibenso kwina. Pamsika pamapezeka makadi achinyengo amene amauza foni kuti ndi a 64 GB pamene m'kati mwake muli malo ochepa kwambiri. Khadi yotere imagwira bwino ntchito poyamba, koma mukangodutsa malire ake enieni, mafayilo amayamba kuwonongeka mwakachetechete: mayina amaonekabe pamndandanda, koma zithunzi zimatuluka zotuwa theka ndipo mavidiyo amakana kutseguka. Mtengo wotsika mododometsa ndi chizindikiro choyamba, ndipo amene ali ndi kompyuta angayese khadiyo ndi pulogalamu ya H2testw, imene imalemba pa khadi yonse n'kuwerenganso kuti ione malo enieni. Khadi yabwinonso imakalamba. Ikayamba kuzimiririka yokha pamndandanda, kapena mukafufuta fayilo n'kuipezanso foni ikayakanso, kapena foni ikamapempha kuti muifomate, dziwani kuti ili pafupi kufa. Musavomere kufomata, chifukwa kutero kumafufuta zonse, koma ilowetseni mu kompyuta n'kukopera zimene zingapulumuke.

Mafoni ena, kuyambira pa Android 6.0, amafunsa mmene mukufuna kugwiritsira ntchito khadi yatsopano: ngati malo onyamulika kapena ngati gawo la m'kati mwa foni. Pa ntchito imene tikukambayi sankhani yonyamulika, imene imalembedwa Portable storage. Njira inayo imafufuta khadi n'kuikhoma kuti izigwira ntchito mu foni imeneyo yokha, moti foniyo ikadzagwa m'madzi, zithunzi zonse zidzapita nayo ngakhale khadi ili bwinobwino m'manja mwanu. Dziwaninso kuti makadi a 32 GB kutsika m'munsi kawirikawiri amabwera ndi dongosolo la FAT32, limene silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Zithunzi ndi mavidiyo a WhatsApp safika pamenepo, koma filimu yaikulu ya mu Download ingakanidwe ngakhale khadi ili ndi malo ambiri, ndipo vuto limeneli si kuwonongeka kwa khadi. Pofuna kutulutsa khadi mu foni, pitani kaye ku Settings, Storage, n'kusankha Eject kapena Unmount, kapena zimitsani foniyo, kuti musaidule ikulemba.

Kwa azakhali tinamaliza ndi zinthu ziwiri zochepetsa liwiro limene foni imadzazira. Mu Storage and data, pansi pa Media auto-download, tinachotsa chizindikiro pa mavidiyo, kuti vidiyo izitsika pokhapokha iwo ataigunda, ndipo mu Chrome, pansi pa Settings ndi Downloads, tinatsegula mwayi woti izifunsa kumene fayilo isungidwe isanatsitse. Pa mafoni ena Chrome ikauzidwa kusungira pa khadi imaika mafayilo m'kati mwa Android/data ya pa khadipo, malo amene amafufutidwa pulogalamuyo ikachotsedwa, choncho ndi bwino kutsitsa kafayilo kamodzi n'kuona kumene kagwera musanadalire njirayi. Foda ya Zakale tinaikoperanso pa kompyuta ya mwana wawo, chifukwa mmenemo muli malisiti a ndalama za anthu ena, ndipo tinagwirizana kuti gulu likagawana ndalama kumapeto kwa chaka, zithunzi za chaka chimenecho nazonso zidzasamutsidwe mwa njira yomweyi.